Mabuku a chuma cha mpingo akhale pamalo amodzi

M'mipingo yambiri masiku ano malipoti a ndalama amayenda pa WhatsApp. Msungichuma akamaliza kuwonkhetsa chopereka amajambula tsamba la kaundula n'kuponya pagulu la komiti, mlembi amasunga lake pa laputopu, ndipo wapampando amayenda ndi fulashi m'thumba. Zimaoneka zachangu, koma zimabala mikangano imene imadetsa mbiri ya anthu osalakwa. N'chifukwa chake asungichuma ena ayamba kulembera makomiti awo makalata opempha kuti zolemba zonse za chuma zizisungidwa mu foda imodzi ya pa intaneti, imene ena amati ya pa kilaudi, yotsekulidwa ndi anthu osankhidwa okha. Kalata yotere imamveka chonchi:

"Okondedwa abale ndi alongo a m'komiti ya chuma, moni m'dzina la Ambuye. Ndikupempha kuti kuyambira mwezi uno kaundula wa ndalama, malisiti, masitetimenti a ku banki ndi mndandanda wa mapuleji zizisungidwa mu foda ya mpingo yokha. Chonde tisatumizirane mafayilowa pa WhatsApp kapena pa imelo, ndipo tisawasunge pa mafulashi, m'mafoni kapena m'makompyuta athu. Amene muli ndi makope akale, nditumizireni kuti ndiwayerekeze ndi kaundula, kenako muwafufute. Wofuna kuona chilichonse alowe mu fodayo ndi akaunti yake, osati ya mnzake. Sindikukayikira munthu aliyense. Ndikufuna kuti tikakhala pansi tiziwerenga tsamba limodzi. Ine wanu mu utumiki, Msungichuma."

Ena akawerenga kalata yotere amakhumudwa, n'kumafunsa ngati msungichumayo wayamba kubisa zinthu. Koma mtima wa kalatayi uli pa liwu lakuti "yokha". Pempho lake n'lakuti pakhale kaundula mmodzi amene aliyense akumudziwa kuti ndiye woona, mwini wake akhale mpingo, ndipo olowamo azidziwika ndi mayina.

Manambala atatu pa thumba limodzi

Tiyerekeze mpingo umene ukumanga holo. Lamulungu lina pachitika pepa sande, ndipo atumiki awerenga ndalama zokwana K640,000. Madzulo omwewo msungichuma alemba nambalayi mu fayilo n'kuitumiza pagulu. Mlembi aikopera pa laputopu yake.

Lolemba akhristu ena amene sanabwere kutchalitchi atumiza zopereka zawo pa Airtel Money ndi TNM Mpamba, zonse pamodzi K85,000. Msungichuma awonjezera, thumba lifika pa K725,000, ndipo atumizanso fayilo yatsopano. Wapampando asunga yatsopanoyi, koma mlembi sanaione chifukwa bandulo inamuthera. Lachitatu komiti igula simenti ya K300,000. Mlembi, amene anapita nawo kukagula, achotsera ndalamayi mu fayilo yake ija ya Lamulungu. Msungichuma naye achotsera mu yake, koma nthawi ino aiwala kutumiza.

Tsiku la msonkhano likafika, mlembi akuti kwatsala K340,000. Msungichuma akuti K425,000. Wapampando ayang'ana pafoni n'kunena kuti iye akudziwa K725,000. Palibe amene waba ngakhale tambala, ndipo nambala yoona ndi ya msungichuma. Koma wina akangotuluka m'chipindamo n'kukanena kunyumba kuti ndalama za holo sizikugwirizana, nkhaniyo imafika ku milaga yonse dzuwa lisanalowe. Kulongosola kumatenga mphindi khumi, koma kukayikirana kumatha zaka.

Gwero la vutoli ndi lakuti fayilo iliyonse yotumizidwa imasanduka kope loima palokha. Kuyambira nthawi imene yafika pafoni ya munthu, sidziwanso zimene zikusinthidwa kwina. Mu foda yogawana zinthu zimayenda mosiyana. Fayilo imakhala imodzi, pa makompyuta a kampani yosunga mafayilo, ndipo aliyense amatsekula yomweyo. Msungichuma akalemba K85,000 ija Lolemba, mlembi akadzatsekula Lachitatu amaipeza italembedwa kale.

Pali chinanso chimene pepala ndi WhatsApp sizingapereke. Ngati kaundula ali mu Google Sheets, pa kompyuta mukhoza kupita pa File, kenako Version history, n'kuona mndandanda wa masiku, nthawi ndi dzina la akaunti imene inasintha chinthu. Nambala ikasintha usiku, komiti sifunika kulozana zala. Imatsekula mbiriyo, n'kuona amene anasintha, ndipo ikhoza kubwezeretsa tsambalo mmene linalili. Izi zimagwira ntchito pokhapokha aliyense akamalowa ndi akaunti yake. Anthu asanu akamagwiritsa ntchito pasiwedi imodzi, mbiriyo imaonetsa dzina limodzi basi, ndipo phindu lake latha.

Kutseka khomo

Tigwiritsa ntchito Google Drive monga chitsanzo chifukwa anthu ambiri okhala ndi foni ya Android ali kale ndi akaunti ya Gmail. Akaunti yaulere imapatsidwa malo a 15 GB, ogawana ndi Gmail ndi Google Photos, ndipo malowa ndi okwanira malisiti zikwizikwi. OneDrive imapereka 5 GB yaulere, Dropbox 2 GB, ndipo mfundo zake n'zofanana ngakhale mabatani amasiyana.

Mukasankha foda n'kudina Share, pansi pake pamakhala General access, ndipo pali zosankha ziwiri. Choyamba ndi Restricted, kutanthauza kuti olowa ndi okhawo amene mwalemba maimelo awo. Chachiwiri ndi Anyone with the link, kutanthauza kuti aliyense amene wapeza linki akhoza kutsekula, ngakhale alibe akaunti. Makomiti ambiri amagwa pachiwirichi. Membala wina akadandaula kuti foda ikukana kutsekuka, woyang'anira amasinthira ku Anyone with the link kuti zinthu ziyende, n'kuponya linkiyo pagulu. Zikatero zili ngati kukhoma ofesi ya mpingo n'kusiya kiyi pansi pa mwala wa pakhomo. Linki imatumizidwa kwa mnzake, mnzakeyo kwa wina, ndipo simungadziwe kuti yafika kwa ndani.

Kuyesa ngati khomo latsekeka n'kosavuta. Koperani linki ya foda, muitsekule pa tsamba la Incognito mu Chrome kapena pafoni ya munthu amene sali m'komiti. Ikafunsa kuti mulowe ndi akaunti, kapena ikalemba kuti You need access, ndiye kuti zili bwino. Mafayilo akaoneka nthawi yomweyo, foda yanu ili poyera. Bwererani pa Share musinthe tsiku lomwelo.

Wolowa aliyense amapatsidwanso udindo. Viewer amangowerenga. Commenter amawerenga n'kusiya funso m'mphepete, monga kufunsa kuti lisiti la simenti lili kuti. Editor amalemba, kusintha ndi kuchotsa mafayilo mu foda. Komiti yanzeru imapereka Editor kwa anthu awiri okha, msungichuma ndi wachiwiri wake. Abusa, wapampando ndi mlembi akhale Commenter. Oona mabuku pakutha pa chaka apatsidwe Viewer pa nthawi ya ntchito yawo, akamaliza achotsedwe. Uku si kunyoza udindo wa munthu. Wapampando amene sangathe kusintha nambala sangathenso kunamiziridwa kuti anaisintha.

Pamwamba pa bokosi la Share pali kachizindikiro ka Settings. Mmenemo chotsani chilolezo choti a Editor aziitana anthu ena. Pa mafayilo ofunika kwambiri tsekaninso mwayi woti a Viewer ndi a Commenter azikopera, kusindikiza kapena kutsitsira fayilo pafoni zawo. Mukapanda kutero, makope aja amene kalata ikuletsa amayambiranso kubadwa.

Dziwaninso kuti chilolezo cha foda yaikulu chimatsikira ku zonse zili m'kati mwake. Mukapatsa munthu foda ya chuma, mwamupatsa zonse. Choncho mndandanda wa chakhumi wa munthu payekha, malipiro a abusa ndi ogwira ntchito, komanso mayina a olandira thandizo la zachifundo zikhale mu foda ina yapadera, yotsekulidwa ndi anthu awiri kapena atatu. Mayi wamasiye amene mpingo unamulipirira mwana fizi sanavomere kuti dzina lake lizizungulira m'mafoni. Mkhristu amene sanakwanitse puleji yake sayenera kumva nkhaniyo kumsika. Chithunzi chotumizidwa pa WhatsApp kawirikawiri chimalowa m'zithunzi za foni, momwe ana amaseweretsa ndiponso okonza mafoni amatha kuona. Kuwonjezera apo, Malawi ali ndi lamulo loteteza zinsinsi za anthu la chaka cha 2024, limene limayang'aniridwa ndi MACRA, ndipo mfundo yake ndi yakuti wosunga mayina ndi mbiri za anthu azisamala. Mndandanda wokhala ndi mayina, manambala a foni ndi zopereka za akhristu ndi mbiri yoteroyo.

Mwini foda ndi ndani?

Apa m'pamene mipingo yambiri imapunthwa ngakhale itatseka khomo bwino. Msungichuma amatsekula foda pa akaunti yake ya Gmail, imene amasungiramonso zithunzi za ukwati ndi makalata a kuntchito. Zaka zitatu zikatha pamabwera chisankho, iye n'kutsika pampando, kapena kusamukira ku Joni, kapena kumwalira. Mabuku a mpingo amatsalira m'akaunti imene mpingo ulibe pasiwedi yake. Google inalengezanso kuti kuyambira Disembala 2023 akaunti ya munthu imene yakhala zaka ziwiri osagwiritsidwa ntchito ikhoza kufufutidwa pamodzi ndi zonse zili m'menemo.

Chofunika n'kutsekula akaunti m'dzina la mpingo, ndipo foda ipangidwe ndi akaunti imeneyo. Pasiwedi yake ilembedwe papepala, iikidwe mu envelopu yomata yosainidwa ndi anthu awiri, n'kusungidwa mu sefa kapena kabati yokhoma. Nambala ya foni yothandizira kubwezeretsa akaunti ikhale ya layini ya mpingo imene ikugwira ntchito, pakuti layini ikakhala nthawi yaitali osagwiritsidwa ntchito kampani imatha kuipereka kwa munthu wina. Yatsani 2-Step Verification, kuti wodziwa pasiwedi yokha asalowe. Google imaperekanso Backup codes khumi, manambala oti mulowere foni ikatayika, ndipo iliyonse imagwira kamodzi. Nawonso alowe mu envelopu ija. Akaunti ya mpingoyi si yogwirira ntchito tsiku ndi tsiku. Msungichuma amalowa ndi akaunti yake monga Editor.

Pali msampha wina wobisika. Pa maakaunti aulere, fayilo imakhala ya amene waiika, ngakhale ili mu foda ya mpingo. Wachiwiri kwa msungichuma akaika malisiti makumi asanu, mwini wake ndi iyeyo, ndipo amadya malo a akaunti yake. Tsiku lina Gmail yake ikadzaza, akhoza kufufuta mafayilo akale osadziwa kuti akufufuta malisiti a mpingo. Fayilo yofufutidwa imakhala mu Trash ya mwini wake masiku 30, kenako imachoka. Komiti imene imatsekula foda kamodzi pa miyezi itatu imazindikira madzi atafika kale m'khosi.

Kuti mudziwe ngati muli mumsamphawu, tsekulani foda pa kompyuta n'kuyang'ana mzere wa Owner. Mukaona mayina a anthu m'malo mwa dzina la mpingo, konzani. Mwini fayilo adine Share, asankhe Transfer ownership pa dzina la akaunti ya mpingo, ndipo akaunti ya mpingo ivomere. Njira ina n'kulowa ndi akaunti ya mpingo n'kudina Make a copy, chifukwa kope limakhala la amene walipanga, kenako n'kuchotsa lakale kuti pasakhale awiri. Ntchitoyi ichitike potseka mwezi uliwonse. Mipingo imene ili ndi Google Workspace ya mtundu wokhala ndi Shared drives ilibe vutoli, pakuti mmenemo mafayilo ndi a bungwe, osati a woika.

Kasanjidwe ka m'kati

Foda yotsekeka bwino koma yodzaza ndi zithunzi zopanda mayina sithandiza aliyense. Mafoda ochepa okhala ndi mayina omveka ndi okwanira:

```
Chuma-2025/
  1-Kaundula/
  2-Malisiti/
  3-Banki-Mpamba-Airtel/
  4-Malipoti/
```

Dzina la fayilo liyambe ndi chaka, mwezi ndi tsiku, kuti mafayilo azidzindandalika okha motsatira nthawi. Lisiti la simenti ija likhoza kutchedwa chonchi:

```
2025-03-12_holo_simenti_300000.pdf
```

Pulogalamu ya Drive pafoni ili ndi Scan, imene imajambula pepala n'kulisunga monga PDF molunjika mu foda. Jambulani tsiku lomwe mwagula, chifukwa malisiti a m'makina a m'masitolo amafufutika pakapita miyezi, makamaka akakhala potentha. Mu kaundula, mzere uliwonse wa ndalama yotuluka ukhale ndi dzina la lisiti lake. Ndalama zobwera pafoni zilembedwe pamodzi ndi nambala ya chiphaso imene imabwera mu uthenga wa Mpamba kapena Airtel Money. Woona mabuku akafika pa K85,000 ija, amatsata manambalawo mmodzimmodzi osafunsa munthu.

Zimene foda singachite

Foda siwerenga ndalama. Ngati chopereka chinawerengedwa ndi munthu mmodzi kuseri, nambala yolakwika idzasungidwa bwinobwino pa intaneti, koma idzakhalabe yolakwika. Mwambo wakale uja, woti anthu awiri kapena atatu awerenge pamodzi n'kusaina pepala, sunathe ntchito. Pepala losainidwalo ndi limene limajambulidwa n'kuikidwa mu foda. Malisiti enieni, mabuku a macheke ndi mapepala oikira ndalama ku banki asungidwebe m'kabati ya mpingo. Kalata ya msungichuma ikuletsa makope a m'manja mwa anthu, sikulamula kuti mapepala awotchedwe.

Foda singaletsenso munthu kujambula zimene zili pa sikirini yake. Amene watsimikiza mtima kuulutsa chinsinsi adzapeza njira. Chimene foda imachita n'kuchepetsa anthu oona ndi kuthetsa kutayika kwangozi, kwa fulashi yoiwalika mu minibasi kapena foni yobedwa mumsika. Foni ya membala ikabedwa, woyang'anira amachotsa dzina lake pa Share nthawi yomweyo, mwini foni n'kusintha pasiwedi yake, ndipo amadzabwezeretsedwa zonse zikakonzeka. Mafayilo amene ali m'macheza a WhatsApp a foni yobedwa simungawaitanitse chotero.

Nanga akulu ampingo amene alibe foni ya intaneti, kapena amakhala kumene netiweki imavuta? Kalata yabwino imawaganizira. Pa msonkhano msungichuma abwere ndi mapepala osindikizidwa kuchokera mu foda, okhala ndi deti la tsikulo ndi manambala, ndipo msonkhano ukatha awatolere. Ngati komiti ikufuna kuti anthu azitsekula foda, iike ndalama ya bandulo mu bajeti m'malo moyembekezera kuti aliyense azidzigulira. Msungichuma amene amagwira ntchito kopanda netiweki akhoza kuyatsa Make available offline pa kaundula yekha, ndipo zimene walemba zimakalowa mu fayilo yaikulu netiweki ikabwera. Foni yoteroyo iyenera kukhala yokhoma ndi pini.

Wina angafunse kuti, zonse zikakhala pamalo amodzi, akaunti ikatsekedwa zidzatha bwanji? Funsoli n'lomveka. Yankho lake si kubwerera ku makope khumi, koma kukhala ndi kope limodzi lovomerezeka. Potseka mwezi, msungichuma asindikize kaundula wa mweziwo, iye ndi wapampando asaine. Pa miyezi itatu iliyonse foda yonse itsitsidwe pa fulashi imodzi ya mpingo, yolembedwa deti, imene imakhala mu sefa ndipo palibe amene amagwirira ntchito pamenepo. Mapepala ndi intaneti zimatetezana. Madzi osefukira, monga amene anabwera ndi namondwe Freddy m'chigawo cha kummwera mu Malichi 2023, chiswe kapena moto zikawononga mapepala, foda imatsala. Akaunti ikavuta, sefa imatsala.

Chinanso chofunika kunena momveka n'chakuti kutseka foda sikuchotsa ufulu wa akhristu wodziwa mmene chuma chawo chikuyendera. Lipoti la zolowa, zotuluka ndi zotsala m'thumba lililonse liziwerengedwabe pamaso pa mpingo kapena kumatidwa pa bolodi. Zobisika ndi mayina a anthu ndi manambala a maakaunti, osati masamu. Msungichuma amene angagwiritse ntchito foda pokana mafunso a komiti wapotoza cholinga chake, ndipo n'chifukwa chake pempho lotere liyenera kukambidwa pa msonkhano n'kulembedwa m'maminitsi kuti likhale lamulo la komiti, osati la munthu mmodzi.

Tsiku lopatsirana maudindo

Dongosololi limayesedwa kwenikweni pamene komiti yakale ikutsika. Pa tsikulo akale ndi atsopano akhale pa kompyuta imodzi pamaso pa abusa kapena mkulu wampingo. Ayambe ndi mzere wa Owner, kuonetsetsa kuti fayilo iliyonse ili m'dzina la mpingo, chifukwa kuchotsa munthu pa Share sikumulanda mafayilo amene ndi ake. Akatero achotse mayina a otsika n'kuika a olowa, aliyense ndi udindo wake. Envelopu itsekulidwe, pasiwedi isinthidwe, Backup codes atsopano apangidwe, pakuti kupanga atsopano kumapha akale. Ayang'anenso ngati nambala yobwezeretsera akaunti ikadali ya mpingo, ndipo pa tsamba la Security achotse mafoni ndi makompyuta akale amene analowapo.

Pomaliza, msungichuma wotsika ndi wolowa atsekule kaundula, ayerekeze ndalama yotsala ndi sitetimenti ya ku banki, ya Mpamba ndi ya Airtel Money komanso ndalama ya m'manja, n'kusaina pepala limodzi. Pepalalo lijambulidwe n'kukhala fayilo yoyamba ya komiti yatsopano. Wotsikayo amapita kwawo wopanda fayilo ya mpingo m'foni mwake, ndipo funso likadzabuka patapita zaka ziwiri, komiti idzaliyankha kuchokera mu foda popanda kumutumira munthu kunyumba kwake.